Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ngakhale atagona kumanda

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mwambiwu umanena za amoyo, koma makolo athu sankaona kuti imfa imachotsa munthu pa udindo umenewu. Ndi chifukwa chake ku Manje, kunsi kwa phiri la Soche, banja limene Lamulungu limaimba kwaya limatha kukwera minibasi Loweruka kupita kumudzi ku Thyolo kapena ku Chiradzulu kukathira nsembe, mwana akamadwaladwala ndipo wina walota agogo amene anatisiya. Ambiri amapita mobisa poopa kudulidwa mumpingo. Ine ndikuti mlandu amawaimbawo, woti akupembedza milungu ina, ndi wolakwika, ngakhale funso lenileni lilipo ndithu.

Tiyeni tione zimene zimachitika pansembepo. Mwinimbumba, amene nthawi zambiri amakhala malume, amagwada patsinde pa mtengo wa msolo kapena mpoza, nathira ufa pang'onopang'ono, pena ndi thobwa kapena mowa wamasese, abale akuomba m'manja. Amatchula akufa ndi maina awo, kuwauza vuto, kupepesa ngati anawaiwala, ndi kuwapempha kuti akanene kwa Chauta. Mizimu imeneyi ndi anthu odziwika, agogo a uje, amene analengedwa ndipo anafa. Wolenga ndi mmodzi, kaya timutcha Chauta, Namalenga kapena Mphambe, ndipo omasulira Baibulo anapeza dzina loti Mulungu lili kale pakamwa pa anthu. Ngakhale ku Khulubvi ku Nsanje, M'bona amapemphedwa mvula monga wopembedzera anthu kwa Mulungu. Zili ngati kufika kwa mfumu: sulowa wekha, umadzera kwa nduna, ndipo palibe amene amati ndunayo ndiyo mfumu.

Otsutsa ali ndi mfundo yolimba, sindingaipeputse. Kalata yoyamba ya Paulo kwa Timoteo 2:5 imaphunzitsa kuti mkhalapakati ndi Yesu yekha, ndipo Deuteronomo 18 imaletsa kufunsira kwa akufa. Mkhristu wa CCAP kapena wa Pentekosite amene wasiya nsembe pa chifukwa chimenechi wachita mwanzeru zake, abale asamukakamize. Koma taonani pamene pagona mkangano: sitikukangana za kuchuluka kwa milungu, tikukangana za njira yofikira kwa Mulungu mmodziyo. Akatolika amapempha oyera mtima kuti awapempherere, ndipo pa 2 Novembala amapempherera akufa. Asilamu ambiri achiyao amachita sadaka, kupempha Allah kuti achitire chifundo womwalirayo. Onsewa sadula ubale ndi akufa, amangosiyana pa zimene wakufayo angachite.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi china. Nsembe ya makolo inali ya mbumba, ufa wake wochokera m'nyumba, wotsogolera wake wamagazi. Lero m'tauni pabwera anthu achilendo amene amauza mayi kuti mzimu wa agogo ake wakwiya, kapena kuti ndi chiwanda choyenera kutulutsidwa, ndipo onsewo amatchula mtengo wa ndalama. Mayiyo amagwidwa mantha, amakongola katapila, mwana amene akutentha thupi ndi malungo n'kugonanso usiku wina osafika ku Queens.