Thirakitala kapena aganyu? Yambani mwawerenga mizere

Anthu ambiri akafuna kuyerekeza mtengo wa thirakitala ndi wa aganyu amangofunsa kuti, "Hekitala mumalima zingati?" Ine ndikuona kuti funso limeneli ndi lomwe limalowetsa alimi m'ngongole, chifukwa mawu oti kulima satanthauza chinthu chimodzi kwa awiriwa.

Waganyu akalowa m'munda wakale amagalauza: amagumula mzere wa chaka chatha n'kuunga watsopano mu khwawa. Akachoka, munda wangotsala kudikira mvula. Thirakitala nthawi zambiri imadutsa katatu: kugaula, kuphwanya zibuma, kenako kupanga mizere. Mtengo umene mwini wake amayamba kutchula umakhala wa kugaula kokha.

Tiyeni titenge munda wa hekitala imodzi, womwe ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka, mamita 100 mbali zonse. Alangizi amati mizere ya chimanga italikirane masentimita 75, ndiye kuti m'mundamo mulowa mizere 133. Mitengo imasiyana malinga ndi dera, choncho tingoyerekeza. Tinene kuti mwini thirakitala akufuna K150,000 pogaula, K80,000 pophwanya zibuma ndi K80,000 popanga mizere. Zonse pamodzi ndi K310,000. Tikagawa ndalamayi ndi 133, mzere uliwonse ukutidyera pafupifupi K2,330. Nambala imeneyi ndiyo muyeso wathu. Ngati aganyu akwanuko akuvomera K1,200 pa mzere, munda wonse ndi K159,600, ndipo ngakhale muwaphikire nsima, khasu lapambana.

Komatu khasu limadya masiku. Munthu mmodzi akamakwanitsa mizere isanu patsiku, hekitala imutengera masiku 27, pomwe anthu anayi atha sabata imodzi. Mu Seputembala zimenezi si vuto. Koma mu Novembala, mitambo itayamba kuda, aganyu nawonso amathamangira minda yawo ndipo mtengo umakwera. Chimanga chikaphonya mvula yoyamba, zomwe mwapulumutsa polima mudzazitaya pokolola. Apa thirakitala ili ndi phindu, bola ibwere tsiku limene munagwirizana, osati mukhale wa nambala khumi pamndandanda.

Ilinso ndi phindu pa tsala kapena m'munda umene pansi pake panauma gwa chifukwa khasu lakhala likulekezera malo amodzi chaka ndi chaka. Mukazula chomera n'kuona muzu waukulu utapindikira kumbali, dziwani kuti vuto ndi limenelo. Koma m'munda mwa zitsa, miyala ndi zulu, woyendetsa amangolambalala, inu n'kulembanso aganyu okonza motsalamo.

Maganizo anga ndi awa: pa hekitala imodzi ya munda wakale, lembani aganyu msanga, chilimwe chisanathe. Thirakitala muiitane pomwe nthaka yalimba kapena nthawi yatha, ndipo mugwirizane ndi oyandikana nawo minda kuti mugawane mtengo wa ulendo wake. Musanapereke ndalama, yezani munda wanu ndipo mufunse ngati dizilo ndi mizere zili momwemo.