Tisanasaine, tifunse: liti, kangati, mpaka liti?

Ambiri mwa ife amene timaimba m'makwaya kapena kujambula mavidiyo pa foni tayamba kupemphedwa ndi amalonda kuti tiwatsatsire katundu. Tikalandira pepala la mgwirizano, maso athu amathamangira pa ndalama. Ife tikuti chiwerengero cha ndalama pachokha sichikwanira ngati palibe masiku ndi malire.

Tiyerekeze kuti malo ogona alendo ena ku Liwonde alonjeza kwaya yathu K200,000 pa vidiyo ya mphindi imodzi. Funso loyamba ndi lakuti: adzalipira liti? Mawu akuti "tidzalipira ntchito ikatha" alibe tsiku, ndipo amene amagamula kuti ntchito yatha ndi wolipirayo. Palembedwe kuti K100,000 iperekedwa tisanajambule, ndipo yotsalayo pasanathe masiku 14 titapereka vidiyo. Kuchedwa kumadya ndalama. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene ankadikira malipiro ake anadzalandira ndalama yogula zochepa.

Chachiwiri ndi kukonzanso. Mwini malonda ali ndi ufulu wonena kuti apa sizinakhale bwino, koma tigwirizane kuti adzatero kawiri kokha, ndipo kachitatu adzawonjezera K30,000. Kudula vidiyo pa kompyuta n'kosiyana ndi kubwerera ku mtsinje wa Shire ndi oimba khumi pa minibasi. Kujambulanso kukhale ndi mtengo wakewake. Pomwepo palembedwenso kuti sitijambula, kukonza kapena kutulutsa kanthu kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu mpaka kulowa kwa dzuwa pa Sabata.

Chachitatu ndi mawu otiletsa kutsatsira ena. N'zomveka kuti malowo safuna kutiona mawa tikuyamikira opikisana nawo. Koma ngati palembedwa kuti "osatsatsira wina aliyense", ndiye kuti ngakhale wogulitsa mbewu ku Balaka tidzamukana. Chiletso chitchule mtundu wa malonda, dera ndi nthawi: malo ogona alendo a m'boma la Machinga, kwa miyezi itatu.

Chomaliza, chimene chimapweteka mochedwa, ndi kugwiritsanso ntchito vidiyoyo. Mawu akuti "kulikonse, mpaka kalekale" amalola kuti nkhope zathu ziikidwe pa chikwangwani cha pamsewu, kapena kuti mawu athu amveke pa malonda a bala ya pamalo omwewo. Ndalama tidzakhala titadya kale, koma dzina la mpingo lidakali pamenepo. Tilembe kuti ndi ya pa Facebook pokha, kwa miyezi isanu ndi umodzi, osaipereka kwa wina, osaiphatikiza ndi mowa kapena fodya. Wailesi ndi zikwangwani zikambidwe padera. Ngati nyimboyo ndi yathu, tikupereka chilolezo chabe, osati umwini, ndipo oimba amene analembetsa ku COSOMA afunse kaye kumeneko.

Ena adzati mafunso otere athamangitsa kasitomala. Wamalonda woona mtima savutika kulemba tsiku, chifukwa limamutetezanso iyeyo ife tikachedwetsa ntchito. Amene akukana kulemba watiuziratu mmene adzalipirire.