Chitseko chotseka sichilipira lendi

Abale anga a kunja kuno, ambirife tikasonkhanitsa kangachepe timaganiza zomanga mashopu kumudzi. Inenso ndinatero. Ndimagwira ntchito yokonza makompyuta ndi manetiweki ku Joni kuno, ndipo mu 2020 ndinamanga zitseko zinayi pa malo amene bambo anatisiyira pa Mponela, ku Dowa. Ziwiri zinayang'ana kumsewu, ziwiri kuseri. Amayang'anira ndi mlongo wanga, ndipo ndalama zake ndi zimene zimagulira amayi mankhwala komanso kuthandiza fizi ya ana ake. Lero ndikuuzeni mmene ndinadziwotchera ndekha ndi masamu anga omwe.

Mu Novembala 2023 kwacha anaichepetsa mphamvu ndi 44 peresenti. Dola imene inali cha m'ma K1,180 inafika pa K1,700. Usiku womwewo ndinatsegula laputopu, n'kusintha lendi ya K40,000 kuti ndione kuti ndi marandi angati, mtima unandipweteka. Ndinamuimbira mlongo wanga kuti kuyambira Januwale chitseko chilichonse chikhale K60,000. Iye anati, "Achimwene, Januwale? Anthu alowetsa ndalama zonse kumunda, ena akusaka fizi. Mwaiwala kodi?" Ndinamuyankha kuti simenti yakwera, malata akwera, nanga lendi ikhale pomwepo chifukwa chiyani. Zoti wochita geni pa Mponela sagulitsa mu marandi, sindinaziganizire.

Anthu awiri anatuluka. Mayi wogulitsa zitenje anabwerera pa benchi mumsika wa khonsolo, komwe amangolipira chiphaso cha tsiku. Telala amene anakhala nafe zaka zitatu osaphonyapo mwezi ananyamula makina ake n'kukakhala pakhonde la sitolo ya munthu wina. Apa m'pamene ndinazindikira kuti amene ndikupikisana nawo si eni mashopu okha. Benchi, khonde ndi mthunzi wa mtengo nazonso ndi malo a malonda, ndipo n'zotchipa.

Tiyeni tiwerengere limodzi chitseko cha telala uja. Akanakhala chaka chonse pa K40,000, ndikanalandira K480,000. Chinakhala chotseka miyezi inayi, Januwale mpaka Epulo, kudikira kuti anthu ayambe kugulitsa fodya ndi soya. Wolowa watsopano analipiradi K60,000, koma kwa miyezi isanu ndi itatu, imene ndi K480,000 yomweyo. Ndiye muchotsepo K45,000 ya penti, galasi la pawindo ndi loko watsopano. Ndinakweza lendi ndi theka lathunthu, koma chaka chinatha ndili ndi ndalama zochepa kuposa ndikanangokhala chete. Mwezi umodzi wopanda munthu umadya pafupifupi K8 pa K100 iliyonse ya lendi ya chaka. Choncho mukakweza kuchoka pa K40,000 kufika K45,000, munthu n'kutuluka, miyezi iwiri yokha ya chitseko chotseka yakubwezani kale m'mbuyo: K450,000 m'malo mwa K480,000.

Nanga lendi yoyenera munthu amaidziwa bwanji ali kutali? Ine ndinasiya kuyambira pa ndalama zimene ndinamangira. Zimenezo wochita lendi sizimukhudza. Pano ndimayambira pa phindu lake, ndipo lendi ndimaiwerenga m'masiku. Mayi wa zitenje uja atamufunsa mlongo wanga mocheza, anati tsiku wamba amagulitsa katundu wa K30,000, phindu lake cha m'ma K6,000. Ndiye kuti K40,000 inkamudyera masiku asanu ndi awiri pa masiku 26 amene amatsegula pa mwezi. K60,000 inali masiku khumi, asanadye, asanalipire nyumba yogona, asanakwere minibasi kukaoda ku Lilongwe. Lendi ikafika pamenepo imayamba kudya mpamba, ndipo mpamba ukatha geni yatha. Lamulo limene ndinadziikira ndi lakuti lendi isapitirire phindu la sabata imodzi la munthu amene angathe kuchita malonda pa chitsekocho. N'chifukwa chakenso zitseko zinayi zija pano zilibe mtengo umodzi. Zakumsewu ndi K55,000 chifukwa kumadutsa anthu, zakuseri ndi K42,000 chifukwa kumayenera munthu ngati telala kapena wokonza mafoni, amene makasitomala amachita kumulondola.

Anthu ambiri sangakuuzeni phindu lawo, koma tsiku lolipira limawaulula. Poti ndine wa makompyuta, ndinapanga kandandanda kosavuta pa foni: chitseko, ndalama, ndi tsiku limene zalowa pa Airtel Money kapena Mpamba. Chimene ndimayang'ana kwambiri ndi tsikulo. Munthu amene ankalipira pa 2 akayamba kulipira pa 9, mwezi winawo pa 16, kenako n'kumatumiza zapakatipakati, ameneyo ali paulendo ngakhale sananene. Mlongo wanga amaonjezera zimene ine sindingaone: mashelefu ayamba kuoneka matabwa, kapena wabwereketsa khonde kwa wogulitsa mandasi kuti amuthandize lendi. Tikaona zimenezi timakamba naye msanga. Wina tinamusamutsira kuchitseko chakuseri, ndipo mpaka lero ali nafe. Tikanadikira, tikanangomva kuti wasamutsa katundu usiku atasiya ngongole ya miyezi itatu.

Komabe anthu adzatuluka ndithu. Wina wakwatiwa, wina geni yakula, wina wabwera kuno ku Joni. Chofunika n'chakuti masiku a pakati pa wotuluka ndi wolowa achepe. Aliyense pano amasaina pepala limodzi lolembedwa m'Chichewa, pali mboni, lonena lendi, dipoziti ya mwezi umodzi ndi notisi ya mwezi umodzi mbali zonse ziwiri. Tsiku lolowa mlongo wanga amajambula makoma, chitseko ndi windo n'kunditumizira, kuti potuluka pasakhale mkangano wa yemwe anaswa galasi. Dipoziti timabweza tsiku lomwelo ngati zonse zili bwino, chifukwa pa Mponela mbiri ya landilodi wodya dipoziti imafika kumsika munthu asanamalize kulongedza. Alinso ndi kope la anthu ofunsa malo, moti notisi ikangobwera amayamba kuimba mafoni. Posankha sititenga munthu wa malonda ofanana ndi a mnzake wa chitseko choyandikana, poti okala ziwiri za sopo ndi shuga zikagundizana, imodzi imafa, ife n'kubwereranso pa chitseko chotseka.

Chachikulu kuposa zonse ndi mwezi. Mapangano athu onse amathera mu Meyi, ndipo lendi timaikweza kamodzi pa chaka, mu Juni, titawauza mu Epulo. Nthawi imeneyo ndalama za zokolola zili m'manja mwa anthu. Wokhala amatha kulipira, ndipo wina akasankha kuchoka, wolowa amapezeka sabata yomweyo. Chitseko chotsekedwa mu Januwale chimadikira mpaka mvula itatha.

Nditapita kumudzi ndinakamupeza telala uja pakhonde paja, akusoka mayunifolomu a sukulu. Ndinamupepesa n'kumuuza kuti chitseko chakuseri chikapezeka abwerere pa mtengo wakale. Anaseka n'kunena kuti, "Bwana, makasitomala anga anazolowera pano tsopano. Ndikasamukanso ndiyambirenso kuwauza?" Ndinalibe poyankha. Ndinangomusiyira thalauza langa kuti alipinde, ndipo anandilipiritsa mtengo wa alendo.