Golide nayenso amagwa: musamuyese ndalama ya m'thumba

M'gulu muno mwabwera mobwerezabwereza mawu akuti "phindu lanu ikani mu golide, golide sagwa." Ife tikuona kuti langizo limeneli ndi loperewera, ndipo likhoza kudyetsa munthu mpamba. Golide amasunga chuma kwa zaka zambiri, zimenezo sitikukana. Koma pa masiku enieni amene misika ya dziko lonse ikugwa, iyenso nthawi zina amagwa, ndipo amagwa mwamphamvu. Tsoka lake n'lakuti masiku omwewo ndi amene ifeyo timafuna ndalama ya m'manja.

Ife a kuno ku Ekurhuleni nkhaniyi ili pakhomo pathu. Ku Germiston kuli Rand Refinery, fakitale yoyenga golide imene inakhazikitsidwa mu 1920. Golide wa makobidi a Krugerrand amakonzedwa kumeneko asanakadindidwe. Kobidi imodzi yaikulu imakhala ndi aunsi imodzi ya golide weniweni, omwe ndi magalamu 31.1. Koma ngakhale golideyo akuyengedwa pafupi ndi pamene timakwerera mateksi, mtengo wake supangidwa ku Germiston ayi. Umapangidwa m'madola ku misika ya ku London ndi ku New York, kumene mabanki ndi makampani akuluakulu osunga ndalama za anthu amagulitsana golide wochuluka tsiku lililonse. Iwowo akapanikizika, mtengo wa kobidi yanu umatsika ngakhale inu simunalakwe chilichonse.

Tiyambe ndi chinthu chimene tonse tikuchidziwa. Mwafika pa boda ya Mwanza ndi katundu, ndipo msonkho wakwera kuposa mmene munawerengera. Ndalama yaperewera, dalaivala akuti sadikira. Muli ndi makatani okwera mtengo amene ogula ake amabwera mmodzi pa sabata, komanso muli ndi mafuta ophikira amene aliyense akuwafuna. Mugulitsa chiyani? Mafuta ophikira, ndipo mugulitsa motchipa. Sikuti mafutawo ndi oipa. Mukuwagulitsa chifukwa ndi okhawo amene ali ndi wogula lero lomwe. Tsono amalonda khumi akapanikizika tsiku limodzi pa boda yomweyo, mtengo wa mafuta pamenepo ugwa ndithu, ngakhale ku Limbe mafuta akusowa.

Golide pa msika wa dziko lonse ali ngati mafuta ophikira aja. Makampani ambiri amagula masheya ndi ndalama yangongole. Tiyerekeze ndi manambala aang'ono. Munthu ali ndi malandi 100,000, wakongola ena 100,000, n'kugula masheya a 200,000. Wokongoza wamuuza kuti ngongole isapitirire theka la mtengo wa masheyawo. Msika wagwa ndi 30 peresenti, masheya aja tsopano ndi a 140,000. Theka lake ndi 70,000, pamene ngongole ikadali 100,000. Wokongoza akuimba foni: bweretsani 30,000 msanga, apo ayi tigulitsa masheya anu pa mtengo uliwonse. Munthuyo safuna kugulitsa masheya amene agwa kale, mwinanso ogula ake kulibe. Nyumba siigulika pa tsiku limodzi. Chimene chili ndi wogula nthawi iliyonse, komanso chimene chikadali ndi phindu, ndi golide. Ndiye amagulitsa golide. Pa nthawi yomweyo anthu amene anasungitsa ndalama ku makampani aja amafuna kuzitapa, ndipo makampaniwo nawonso amagulitsa chimene chikugulika. Anthu masauzande akachita zimenezi sabata imodzi, mtengo umatsika.

Izi si nthano. Mu Malichi 2020, mliri wa korona utayamba kufalikira, msika wa masheya ku Amereka unagwa moti malonda anaimitsidwa kwa kanthawi pa masiku anayi osiyana mwezi womwewo. Pa 9 Malichi golide anali pafupi ndi madola 1,700 pa aunsi. Pofika pa 19 Malichi anali atatsikira pansi pa 1,500, kugwa kwa pafupifupi 12 peresenti m'masiku khumi. Pa 23 Malichi banki yaikulu ya ku Amereka inalengeza kuti ithira ndalama pa msika popanda malire. Njala ya madola itachepa, golide anayambanso kukwera, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho anadutsa madola 2,000 koyamba m'mbiri. Mu 2008 zinachitikanso chimodzimodzi. Golide anadutsa madola 1,000 mu Malichi, banki ya Lehman Brothers inagwa mu Seputembala, ndipo mu Okutobala golide anafika cha m'ma 700. Pofika mu 2011 anali cha m'ma 1,900.

Tsopano kumbukirani kumene ifeyo tinali masiku amenewo a 2020. Dziko la South Africa linatsekedwa kuyambira pa 27 Malichi. Mabasi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anaima, maboda anatsekedwa kwa anthu apaulendo, ndege za anthu ku OR Tambo zinasiya kuuluka. Katundu anatsalira m'zipinda, koma lendi inkafunika, ana kumudzi ankafuna chakudya, wa chipereganyu ankafuna zake. Munthu amene anaika mpamba wonse mu golide anakakamizika kufunafuna wogula pa nthawi imene masitolo anali otseka, pamene amene anali ndi kandalama kodikirira anaona mtengo wa mu Ogasiti. Onse awiri anagula chinthu chimodzi. Kusiyana kwawo kunali kwakuti wina anali ndi mpata wodikira.

Pali chinthu china chimene ambiri amachiiwala akaona nkhani pa foni yakuti golide wagwa. Mtengo umene amalengeza ndi wa m'madola, koma inu mukagulitsa ku Boksburg mulandira malandi. Pa nthawi ya mantha anthu amathawira ku dola, ndipo landi imafooka. Tiwerenge ndi manambala ozungulira a masiku aja. Cha pa 9 Malichi, madola 1,680 kuchulukitsa ndi malandi 16 pa dola ndi pafupifupi malandi 26,900 pa aunsi. Cha pa 19 Malichi, madola 1,475 kuchulukitsa ndi 17.40 ndi pafupifupi 25,700. M'madola golide anagwa ndi 12 peresenti, koma m'malandi anagwa ndi pafupifupi 5 peresenti yokha. Mu Epulo landi inafika pa 19 pa dola, ndipo mtengo wa m'malandi unakwera kuposa poyamba. Choncho musanathamange kukagulitsa, chulukitsani kaye mtengo wa dola ndi mtengo wosinthira wa tsikulo. Ndipo pa zimene mwapezazo chotsaniponso gawo la wogula, chifukwa sitolo iliyonse imagula kobidi motsika kuposa mmene imagulitsira. Mukagula lero n'kugulitsa mawa mtengo usanasinthe, mwaluza kale.

Ena anena kuti, ngati golide amabwerera nthawi zonse, bwanji osakongola kwa wakatapila n'kugula akagwa? Apa m'pamene tikutsutsa kwambiri. Choyamba, mukatero mwasanduka munthu wa malandi 100,000 uja. Wakatapila akafuna zake kumapeto kwa mwezi, mudzagulitsa pa mtengo uliwonse umene mwaupeza. Chachiwiri, si kugwa kulikonse kumene kumabwerera msanga. Kuchokera cha m'ma 1,900 mu 2011, golide anatsika pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 1,050 kumapeto kwa 2015, ndipo mtengo wa 2011 uja m'madola unadzaonekanso mu 2020. Zaka zisanu ndi zinayi. Wa geni ndani angaimike mpamba zaka zonsezo?

Nanga tingasiyanitse bwanji mitundu iwiriyi ya kugwa? Ikakhala njala ya ndalama ya m'manja, zinthu zonse zimagwa limodzi m'masiku ochepa: masheya, mafuta a galimoto pa msika wa dziko lonse, siliva, golide, ndi landi yomwe, pamene dola yokha ikukwera. Mumamva kuti misika yaimitsidwa, mabanki akuluakulu akuchita misonkhano yadzidzidzi. Kugwa kotereku kumachepa ndalama zikayamba kupezekanso. Koma ngati masheya akukwera, anthu ali phee, golide yekha n'kumatsika mwezi ndi mwezi monga mu 2013, ndiye kuti ogula akungomusiya n'kupita kumene kuli chiwongoladzanja, popeza golide sabereka kanthu akakhala m'bokosi. Kugwa kumeneko kumatenga nthawi. Ngakhale zizindikirozi mutazidziwa, palibe amene angakuuzeni tsiku lenileni limene mtengo ufike pansi penipeni, ndipo amene akukulonjezani tsikulo akufuna ndalama zanu.

Sitikunena kuti golide ndi wachabe. Tinaona kwacha ikugwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene anasunga phindu lake m'makwacha analira. Pa vuto lotere la ndalama yofooka chaka ndi chaka, golide amathandiza. Chimene sathandiza ndi vuto la sabata ino.

Maganizo athu ndi awa. Ndalama ya msonkho wa pa boda, ya thiransipoti, ya lendi ndi ya oda yotsatira ikhale ndalama yeniyeni, m'malandi amene mungawatape lero. Ife timawerengera zofunika za miyezi itatu, chifukwa tinaona mu 2020 kuti njira ikhoza kutsekeka kwa miyezi. Zotsala pamwamba pa zimenezo, zimene simuzifuna kwa zaka zingapo, ndi zimene mungaganizire kuika mu golide, ndipo musaike ndalama yangongole ngakhale landi imodzi. Mukagula, gulani kobidi yodziwika kwa wogulitsa wolembetsedwa, musunge lisiti, ndipo mufunse mtengo umene iye angakugulireni musanalipire. Golide wa fumbi kapena wa timiyala amene amatsatsidwa pafupi ndi migodi yakale ya ku Benoni ndi ku Springs musamukhudze: lamulo la kuno la 2005 limaletsa kukhala ndi golide wosayengedwa popanda chilolezo, ndipo pa tsiku la mavuto mulibe sitolo yoona imene ingakugulireni.

Tsiku lina mudzadzuka n'kuona pa foni kuti misika yagwa ndipo golide watsika. Musanachite chilichonse, dzifunseni funso limodzi: kodi pali amene akundikakamiza kugulitsa sabata ino? Ngati palibe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati alipo, ndiye kuti vuto linayamba tsiku limene munagula, pamene munasiya thumba lopanda kanthu. Amene munadutsa mu 2020 muli ndi kobidi kapena ndolo za golide, tiuzeni m'munsimu mtengo umene anakuuzani pamene munkafuna kugulitsa, kuti anzathu atsopano aone okha.