Mizere itatu musanagone

Amene mukukonzekera kulembanso mayeso a MSCE uku mukugwira ntchito masana mukudziwa kuti palibe mphunzitsi amene adzakufunseni mawa ngati munatsegula buku. Ine ndi mnzanga wina, mayi wogulitsa kaunjika, tinagwirizana zoti tizifunsana tokha. Usiku uliwonse 9 koloko isanakwane, aliyense amatumiza uthenga wa mizere itatu. Wa iwo umaoneka chonchi:

Ndinati: masamu, mafunso 10 a pepala lakale.
Ndachita: 4. Mwana amatentha thupi.
Mawa: 6 otsalawo, 5 koloko m'mawa.

Basi. Uthengawu sukwana zilembo 160, choncho umalowa mu SMS imodzi ngati bando ya WhatsApp yatha.

Mzere umene umagwira ntchito kwambiri ndi woyambawo, ngakhale ukuoneka ngati wongobwereza zadzulo. Munthu akangolemba zimene wachita, amasankha zomukomera, ndipo mafunso anayi amamveka ngati ntchito yaikulu. Koma 4 akakhala pansi pa 10, kusiyanako kumaoneka kokha popanda wina kudzudzula. N'chifukwa chake mzerewu sitiulemba kuchokera m'mutu, timaukopera pa uthenga wadzulo. Mutu umachepetsa lonjezo usiku ukafika.

Ndipo lonjezolo likhale ndi nambala. "Mawa ndiwerenga bayoloje" si lonjezo, pakuti amene watsegula tsamba limodzi n'kugona nalo wawerenganso bayoloje. Nenani mutu wake, masamba angati, ola liti. Koma musawerenge maola okha. Maola awiri pa tebulo akhoza kukhala ola limodzi la foni ndi lina losinza. Mafunso oyankhidwa, ndime yolembedwa, chithunzi cha mtima chojambulidwa buku litatsekedwa, izi zimawerengeka.

Wolandira uthenga asalalikire. Yankho lake ndi "Ndaona", kenaka funso limodzi lochokera pa ntchito yomweyo. Mayiwa akandiuza kuti amaliza mafunso anayi, ndimawafunsa kuti, "Lachitatulo munapeza yankho lanji?" Amene wachitadi amayankha msanga, nthawi zambiri ndi dandaulo lake lomwe, kuti funsolo linali lokhota. Amene sanachite amachedwa, kapena amayankha zozungulira. Si kuti tikusakana bodza. Kungodziwa kuti funso likubwera kumachititsa munthu kulemba 4 m'malo mwa 7.

Taonani mmene zinayendera sabata ina. Lolemba mayiwa analonjeza mafunso 10, anachita 4. Lachiwiri analonjezanso 10, anachita 3. Lachitatu 10 yemweyo, anachita 4. Zifukwa zinali zosiyana, mwana, magetsi, mvula yowachedwetsa kumsika, ndipo zonse zinali zoona. Koma masiku atatu otsatizana akafanana chonchi, vuto silikhalanso chifukwa chimene chalembedwa. Moyo wawo unali ndi malo a mafunso anayi patsiku, ndipo 10 inali nambala ya mwana wasukulu amene saphika. Ndinawalembera kuti, "Amayi, mawa lembani 4." Anakana poyamba, akuti ndi zochepa. Tinawerengera limodzi: mafunso anayi kwa masiku 6 ndi 24 pa sabata, ndipo pa masabata 10 ndi 240. Ntchito yake inakhala yofanana ndi imene ankachita kale, koma tsopano ankagona atakwaniritsa zimene ananena, ndipo patapita masabata awiri anakweza okha kufika pa 5.

Mizere yomweyi imaululanso phunziro limene munthu akulithawa. Mukabwerera m'mbuyo masiku 14 n'kupeza kuti Chingerezi sichikutchulidwa, mufunseni mnzanuyo. Chingerezi n'chimene sichithawika, pakuti satifiketi ya MSCE imafuna kukhoza maphunziro 6 ndipo icho chikhale pomwepo.

Chimene chimapha dongosololi kawirikawiri ndi chisoni. Wina akalemba 0, mnzake amati, "Musadandaule, inenso sindinachite," ndipo pakutha pa mwezi anthu awiri akungopepesana usiku uliwonse. Pa chifukwa chimenechi sindilimbikitsa kusankha mwamuna kapena mkazi wanu, ngakhalenso mnzanu wa pamtima amene mumaseka naye chilichonse. Sankhani munthu amene mumachita naye kamanyazi pang'ono. Gulu la anthu 20 nalonso silithandiza, chifukwa wosowa saoneka.

Ndipo kusowa n'koipa kuposa 0. Wolemba 0 akadali m'pangano, pomwe wokhala chete wayamba kutuluka. Ife tinapangana kuti uthenga ukapanda kufika pofika 9 koloko ndi theka, winayo afulashe kamodzi. Kukakhalabe zii masiku awiri, aimbe. Lamlungu sititumizirana, ndipo tsiku la maliro kapena la matenda munthu amangolemba kuti "Ndapuma", mnzake osafunsa kanthu.