Ulemu wa inu ndi iwe suwoloka malire wokha

Mwana wa ku Chitipa amakula makutu ake atazolowera zilankhulo zambiri. Pamsika wa paboma amamva Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chitumbuka, Chibemba cha anzathu a ku Zambia ndi Chiswahili cha amalonda ochokera ku Tanzania. Amadziwa kuti pa Chitumbuka mkulu ndi imwe, mnzake ndi iwe, ndiponso kuti pa Chiswahili mkulu ndi mwana yemwe onse ndi wewe, ulemu umabwera ndi shikamoo. Choncho akakhala m'kalasi ya Chifalansa kusekondale, aphunzitsi n'kunena kuti tu ndi iwe, vous ndi inu, iye amangogwedeza mutu poganiza kuti nkhani yatha. Ine ndikuti pomwepo ndi pamene vuto limayambira, chifukwa mawuwo amafanana maonekedwe koma sanena chinthu chimodzi.

Pa maonekedwe, Chifalansa, Chisipanishi ndi Chijeremani sizitidabwitsa. Mfalansa amachita zomwe timachita ife: vous ndi mawu a anthu ambiri, koma amapatsidwa kwa munthu mmodzi pomulemekeza, ngati inu. Msipanishi amatenga njira ina imene nayonso tili nayo. Mpongozi akafika pakhomo timafunsa kuti "Adzuka bwanji?" ngati tikunena za munthu amene palibe, chikhalirecho ali patsogolo pathu. Usted wa Chisipanishi amayenda chimodzimodzi. Anachokera ku mawu akale aulemu akuti vuestra merced, otanthauza chifundo chanu, ndipo mpaka lero mneni wake ndi wa iye: kwa mnzako umati tú tienes, kwa mkulu usted tiene. Mjeremani amaphatikiza ziwirizi. Sie wake, amene amatchulidwa kuti zii, kwenikweni ndi iwo, ndiye kwa mnzako umati hast du, kwa mlendo haben Sie.

Kusiyana kuli pa chimene mawuwo amayeza. Inu ndi iwe wathu amayeza msinkhu ndi udindo. Bambo amati iwe kwa mwana, mwana amayankha inu, ndipo zimakhala choncho ngakhale mwanayo atamera imvi. M'mabanja ambiri mkazi ndi mwamuna amatchulana inu, ndipo popemphera Mulungu ndi Inu. Ku Ulaya masiku ano mawuwa amayeza kwambiri kutalikirana kwa anthu. Mwana wa ku Germany amati du kwa amayi ake ndi agogo ake. Wa ku France amati tu kwa bambo ake, kupatula m'mabanja owerengeka osunga mwambo wakale. Popemphera, Mjeremani amati du, Msipanishi tú, ndipo Akatolika olankhula Chifalansa anasiya vous m'pemphero la Atate Athu mu 1966. Kwa iwo du ndi tu akunena kuti ndife apamtima, pomwe Sie ndi vous akunena kuti tikulemekezana koma aliyense ali pamalo pake. Pakati pa akuluakulu awiri mawuwo amabwezeredwa mofanana: amene wakupatsa Sie nawenso umupatsa Sie.

Tiyerekeze mlembi wa gulu la alimi a khofi ku Misuku amene waphunzirako Chijeremani, ndipo akulembera mayi wina wogula khofi mumzinda wa Hamburg. Kalata yoyamba iyambe ndi Sehr geehrte Frau kenako dzina la banja la mayiyo, osati dzina lake loyamba. Mkati monse alembe Sie, Ihnen ndi Ihr ndi chilembo chachikulu, chifukwa sie wa chilembo chaching'ono amatanthauza iye wamkazi kapena iwo, ndipo funso lake lingamveke ngati akufunsa za anthu ena. Ngakhale mayiyo atayankha mwansangala, n'kufunsa za mvula ndi msewu wokwera ku Misuku, mlembi asasinthe. Ngakhale atakumana maso ndi maso n'kuitanana mayina oyamba pa Chingerezi, akabwerera ku Chijeremani ayambe ndi Sie n'kumvetsera. Amene amatsegula khomo la du ndi wamkulu pa zaka kapena pa udindo, ndipo apa ndi wogulayo.

Tsiku lina mayiyo angalembe kuti Wir können uns duzen, kutanthauza kuti tingathe kumatchulana du. Apa ndi pamene Mmalawi woleredwa bwino amapunthwa. Mtima wake umamuuza kuti mayi wamsinkhu wa amayi ake sangamutchule iwe, ndiye amapitiriza Sie poganiza kuti akuonjezera ulemu. Mayiyo amamva zina: ndinatambasula dzanja, iye wabweza lake kumbuyo. Choyenera n'kuthokoza ndi kuyamba du m'kalata yomweyo, moni n'kukhala Liebe ndi dzina loyamba. Ndipo akayamba asabwerere. Munthu amene munkatchulana naye du akabwerera mwadzidzidzi ku Sie, n'chizindikiro choti wakhumudwa kapena akufuna kuti mutalikirane.

Chifalansa chimayenda pafupifupi chimodzimodzi, ndipo mawu otsegulira khomo ndi On peut se tutoyer. Koma tu wa Chifalansa ali ndi mbiri imene ife Aafirika tiyenera kuidziwa. M'nthawi ya atsamunda, mzungu ankati tu kwa Mwafirika aliyense, ngakhale nkhalamba, koma iye ankafuna vous. Tu wosabwezeredwa pakati pa akuluakulu ndi wonyoza. N'chifukwa chake malamulo a khalidwe la apolisi a ku France, amene anayamba kugwira ntchito mu 2014, amalamula wapolisi kunena vous kwa anthu. Izi zikutikhudza, pakuti Chifalansa chimene timakumana nacho kwambiri kuno n'cha abale athu a ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena mwa iwo othawa nkhondo opita ku Dzaleka. Wogwira ntchito pachipata kapena pachipatala amene akudziwa Chifalansa chochepa amathamangira tu chifukwa mneni wake ndi wosavuta. Kwa bambo amene wataya zonse, vous ndi ulemu umene sutidyera ndalama.

Chisipanishi ndicho chovuta kuchiikira lamulo limodzi, chifukwa dziko lililonse lili ndi muyeso wake. Ku Spain tú wafalikira kwambiri: ophunzira ambiri amati tú kwa mphunzitsi, ndipo usted watsala kwa okalamba ndi m'maofesi, moti munthu wa zaka 40 ukamupatsa usted angamve ngati wamukalambitsa. M'madera ena a Colombia ndi ku Costa Rica, usted amamveka ngakhale m'nyumba, kholo kwa mwana. Ku Argentina mnzako ndi vos. Choncho funso loyamba si msinkhu wa munthuyo ayi, koma kumene akuchokera.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a Chifalansa m'sukulu zathu. Musalembe pabolodi kuti tu ndi iwe, vous ndi inu, n'kulekera pomwepo. Funsani ophunzira kuti amayi awo angawatchule bwanji pa Chifalansa, ndipo akayankha vous, phunziro liyambire apo. Aphunzitseni kuyamba ndi vous kwa wamkulu aliyense wachilendo, kumvetsera chimene mnzawoyo akubweza, ndi kulandira tu akaperekedwa popanda kuopa kuti achita mwano. Ana a ku Chitipa amasintha kale ulemu wawo malinga ndi chilankhulo cha amene akulankhula naye, ndipo akauzidwa chimene mawuwa amayeza sadzavutika kuwagwiritsa ntchito moyenera.