ZA MALONDA: Mbale Khumi pa Tsiku

Alimi anzanga, imvani nkhani iyi. Mayi wina wogulitsa usipa wouma ku Senga Bay anali ndi omgulitsira awiri: mng'ono wake mumsika, ndi mlamu wake kumsewu wa ku Salima. Tsiku lina mlamuyo anagulitsa mbale 20, mayiyo nati, "Alamu ndiwo akatswiri, nsomba zaziwisi ndidzapatsa iwo."

Koma mwana wake wa sukulu anali kulemba malonda a masiku asanu.

Mng'ono: 9, 11, 10, 9, 11.
Mlamu: 3, 20, 5, 18, 4.

"Amayi, taonkhetsani," anatero mwanayo. "Aliyense mbale 50. Tikagawa pa masiku asanu, ndi mbale khumi pa tsiku. Alingana. Tsono chotsani tsiku lochepetsetsa pa lochulukitsitsa: kumsika patsala 2, kumsewu 17."

Mayiyo anakhala chete. Usipa wouma ungadikire apaulendo mawa, koma nsomba zaziwisi sizidikira. Akapatsa mlamu mbale khumi, tsiku la mbale zitatu lija zisanu ndi ziwiri zidzaola.

Zaziwisi anapatsa mng'ono wake, wouma mlamu.

Nanga inu, mumalemba malonda anu tsiku ndi tsiku, kapena mumangokumbukira tsiku lamwayi lokha?